Ndalama ya gaga: ichepetse mtengo wa ufa kapena ilembedwe payokha?

Aliyense wokonoletsa chimanga kuti agulitse ufa amachoka kuchigayo ndi zinthu ziwiri, mphale ndi gaga. Mphale ndiyo anapitira, koma gaga, amene ena amati madeya, amangobwera yekha ngakhale munthu asamufune. Ku Mpingu ndi ku Namitete, m'mbali mwa msewu wa Mchinji, ngakhalenso ku Nsaru, ku Kabudula ndi ku Nambuma, gaga sasowa womufuna. Alimi a nkhumba, a nkhuku ndi a ng'ombe zamkaka amamugula, ndipo ena amamutengera kokaphika kachasu.

Vuto limayambira m'buku. Amalonda ambiri ndalama ya gaga amagulira ndiwo kapena mayunitsi osailemba paliponse. Ena amalemba, koma mwezi uno apa, mwezi wamawa apo. Zikatero munthu sadziwa kuti kilogalamu imodzi ya ufa yamudyera zingati, ndipo wogula wa pikulitsa akabwera kudzanenerera, amakana mtengo wabwino kapena kuvomera woluza.

Akatswiri owerengera ndalama ali ndi njira ziwiri zolembera katundu wotuluka pambali ngati ameneyu. Njira yoyamba ndi kuchotsa mtengo wa gaga pa ndalama zimene zapita popanga ufa. Yachiwiri ndi kusiya ndalama zopangira ufa monga zilili, n'kulemba ya gaga payokha tsiku limene wagulitsidwa. Zonse ndi zoona, koma zimayankha mafunso osiyana.

Chitsanzo cha matumba 20

Pano pali chitsanzo cha mayi wogulitsa ufa woyera pa Mpingu. Mitengoyi ndi yongoyerekeza kuti masamu amveke, ndipo wamalonda aliyense aikepo ya pamsika pake.

Mwezi wa Okutobala mayiyu wagula matumba 20 a chimanga ku Nsaru, lililonse la makilogalamu 50. Onse pamodzi ndi makilogalamu 1,000. Ndalama zatuluka motere:

Chimanga, pa K1,000 kilogalamu: K1,000,000
Thiransipoti: K40,000
Kukonoletsa ndi kugayitsa: K110,000
Aganyu opeta, oviika ndi oyanika, komanso matumba a ufa: K40,000
Zonse pamodzi: K1,190,000

Atayeza pa sikelo wapeza ufa makilogalamu 700 ndi gaga makilogalamu 250. Makilogalamu 50 apita ndi mphepo, ndi madzi oviikira, ndi zinyalala. Izi zimasiyana malinga ndi mtundu wa chimanga komanso chigayo. Chimanga cha makolo, cholimba chija, sichisweka kwambiri pokonola, pomwe chahaibulidi chofewa chimatulutsa gaga wambiri. N'chifukwa chake ndi bwino kuyeza ndithu, osangoganizira.

Ufawu amagulitsa pa K1,900 kilogalamu. Gaga pamsika akuyenda pa K400 kilogalamu.

Mtengo wotsala m'manja

Gaga wa makilogalamu 250 pa K400 ndi K100,000, koma ndalama yonseyo si ya mayiyu. Gaga wochoka kuchigayo amakhala ndi chinyontho, chifukwa chimanga amachiwaza madzi pokonola, ndiye afunika kuyanika. Waganyu woyanika walandira K5,000, matumba adya K5,000, ndipo ngolo yokasiya kwa wogula ndi K6,000. Zonsezi zakwana K16,000.

Pa K100,000 pakachotsedwa K16,000 patsala K84,000. Uwu ndiwo mtengo wotsala m'manja: ndalama imene gaga angabweretse pamsika wa lero, zonse zofunika kuti afike kwa wogula zitalipiridwa. Cholakwa choyamba chimene ambiri amachita ndi kuwerengera K100,000 yonse, kuiwala kuti ngolo ndi matumba si zaulere.

Ndalama yokonoletsa isalowe pa K16,000 ija. Kukonola n'kwa ufa, ndipo mayiyu akanalipira ngakhale gaga akanakhala wotaya. Zochotsa pa gaga ndi zokhazo zimene zatuluka gaga atasiyana kale ndi mphale.

Njira yoyamba: gaga achepetse mtengo wa ufa

M'njira iyi, tsiku limene gaga wachoka kuchigayo mayiyu amamulemba m'buku ngati katundu wa K84,000, ndipo ndalama yomweyo amaichotsa pa zopangira ufa. Pa K1,190,000 pakachoka K84,000 patsala K1,106,000. Ikagawidwa ku makilogalamu 700, kilogalamu imodzi ya ufa yadya K1,580.

Ganizo lake n'lakuti chimanga chimene mayiyu anagula ku Nsaru chinali ndi gaga m'kati mwake, choncho si chilungamo kuti ufa usenze wokha mtengo wonse. Gaga akubweza gawo la ndalama ya chimanga. Akagulitsidwa pa mtengo umene unayembekezeka, saonetsa phindu lakelake, chifukwa ndalama yake inawerengedwa kale m'kutsika kwa mtengo wa ufa.

Makampani akuluakulu amatsata kwambiri njira imeneyi. Muyezo wa padziko lonse wowerengera katundu wogulitsa, wotchedwa IAS 2, umene akatswiri a bungwe la ICAM kuno kwathu amagwiritsanso ntchito, umafotokoza pa ndime 14 kuti katundu wapambali akakhala wochepa mtengo, kawirikawiri amawerengedwa pa mtengo wotsala m'manja, n'kuchotsedwa pa ndalama zopangira katundu wamkuluyo.

Njira yachiwiri: gaga alembedwe payekha

M'njira iyi ufa umasenza K1,190,000 yonse. Ikagawidwa ku makilogalamu 700, kilogalamu imodzi yadya K1,700. Gaga ali m'nyumba salembedwa mtengo uliwonse, amangolembedwa kuchuluka kwake. Tsiku limene wagulitsidwa, K84,000 imalowa pa tsamba la ndalama zapadera, n'kuphatikizidwa ndi phindu la ufa pakutha pa mwezi.

Ubwino wake ndi woti siifuna kulosera. Munthu amalemba ndalama imene waigwira m'manja, basi. Kuipa kwake n'koti ufa umaoneka wodula kuposa mmene ulili. Pa chitsanzochi kusiyana kwake ndi K120 pa kilogalamu iliyonse.

Zonse zikagulitsidwa, phindu ndi limodzi

Ngati mayiyu wagulitsa ufa wonse ndi gaga yense mu Okutobala momwemo, ufa wabweretsa K1,330,000. M'njira yoyamba, pakachoka K1,106,000 patsala phindu la K224,000. M'njira yachiwiri, pakachoka K1,190,000 patsala K140,000, ndipo ikaphatikizidwa ndi K84,000 ya gaga ikukwana K224,000 yomweyo.

Choncho palibe njira imene imabala ndalama. Za m'thumba n'zomwezo. Kusiyana kumaonekera pa zinthu ziwiri zokha: poika mtengo wa ufa, ndi pamene mwezi watha katundu wina adakali m'nyumba.

Pofika wa pikulitsa

Mwini malo odyera wina wa m'tauni wafika pa Mpingu, akufuna ufa wonse, makilogalamu 700, koma pa K1,650, ndalama pompopompo. Buku la njira yachiwiri likuti kilogalamu inadya K1,700, ndiye mayiyu aona ngati aluza K50 pa kilogalamu iliyonse, n'kukana. Buku la njira yoyamba likuti inadya K1,580, ndiye pali K70 yapamwamba.

Powerenga ndalama zenizeni, ufa ubweretsa K1,155,000 ndipo gaga K84,000, zonse K1,239,000. Pakachoka K1,190,000 patsala K49,000. Phindu lilipo ndithu, ngakhale n'lochepa, ndipo mpamba ubwerera tsiku limodzi m'malo modikira milungu itatu. Apa njira yoyamba ndiyo yanena zoona zonse. Wamalonda amene sachotsera gaga amapezeka akudulitsa ufa kuposa anzake a pa mzere womwewo, n'kumadabwa kuti iwowo akupindula bwanji.

Komabe K49,000 imeneyi yaima pa mwendo umodzi. Ikudalira kuti gaga yense agulitsidwe pa K400.

Mwezi ukatha katundu adakalipo

Tsopano zinthu ziyende mwina. Pofika pa 31 Okutobala, mayiyu wagulitsa ufa makilogalamu 500 okha, atsala 200. Gaga sanagulitse ngakhale ndowa imodzi. Ufa wogulitsidwa wabweretsa K950,000. Pofuna kuti masamu asavute, K16,000 ija ichotsedwe pa nthawi yogulitsa gaga m'njira zonse ziwiri.

M'njira yoyamba, makilogalamu 500 pa K1,580 adya K790,000, ndipo phindu la mwezi ndi K160,000. M'nyumba muli ufa wa K316,000 ndi gaga wa K84,000.

M'njira yachiwiri, makilogalamu 500 pa K1,700 adya K850,000, ndipo phindu ndi K100,000. M'nyumba muli ufa wa K340,000, ndi gaga wosalembedwa mtengo.

Mabuku awiriwa asiyana ndi K60,000. Ndalama imeneyi ndi gawo la gaga amene sanagulitsidwe, koma njira yoyamba yaiwerengera kale ngati phindu. Ngati mayiyu atenga K160,000 kukalipira fizi kapena kugula feteleza, K60,000 yake watapa ku mpamba osadziwa, chifukwa ndalamayo idakali m'matumba a gaga pakona ya nyumba.

Mu Novembala zonse zikagulitsidwa, mabuku amakumananso. Ufa wotsala ubweretsa K380,000. Njira yoyamba ionetsa phindu la K64,000, ndipo pamodzi ndi K160,000 ija ndi K224,000. Yachiwiri ionetsa K40,000 ya ufa ndi K84,000 ya gaga, kukwana K124,000, ndipo pamodzi ndi K100,000 ija ndi K224,000.

Zitha kutembenukanso. Gaga atagulitsidwa yense mu Okutobala, ufa n'kutsala makilogalamu 200 omwewo, njira yoyamba ionetsabe K160,000, pomwe yachiwiri ikwera kufika K184,000. Apa yachiwiri ndiyo yathamanga, chifukwa yadya ndalama yonse ya gaga ufa wake usanathe. Choncho si zoona kuti njira yachiwiri nthawi zonse imaonetsa phindu lochepa. Zimatengera chimene chayamba kutuluka m'nyumba.

Izi zimavuta kwambiri pamene anthu angapo aphatikiza mpamba, monga amayi a m'gulu limodzi la banki mkhonde, n'kumagawana phindu pakutha pa mwezi. Ngati sanagwirizane njira poyamba, wina adzati phindu ndi K160,000, wina K100,000, ndipo msungichuma adzaoneka wakuba pomwe sanabe kanthu.

Gaga akawonongeka

Mtengo wa gaga sukhazikika. Nthawi yokolola, cha mu Meyi ndi Juni, amakhala wambiri ndi wotsika mtengo. Kuyambira Disembala kufika Febuluwale, chimanga chikachepa, amakwera, mpaka mabanja ena amamusakaniza ku ufa wa nsima. N'chifukwa chake amalonda ambiri amasunga kudikira mtengo.

Koma gaga si chimanga. Muli mitima ya chimanga imene ili ndi mafuta, ndipo akakhalitsa amayamba kununkha. Akaikidwa m'thumba asanaume amatentha, kugwirana mibulu, n'kuchita chuku. Gaga wachuku ndi woopsa ku ziweto, makamaka nkhuku ndi nkhumba, ndipo poizoni wake amatha kufika mu mkaka wa ng'ombe. Kumudziwa kwake n'kosavuta: munthu apise dzanja pakati pa thumba. Mukakhala mofunda, kapena gaga akaumbika pomufinya, sanaume.

Mvula yoyamba yadontha m'nyumba ya mayi uja, ndipo makilogalamu 100 awonongeka. Otsala 150 agulitsidwa pa K400, kubweretsa K60,000. Pakachoka K16,000 patsala K44,000 m'malo mwa K84,000.

M'njira yachiwiri mayiyu angolemba K44,000, nkhani yathera pomwepo. M'njira yoyamba buku linalonjeza kale K84,000, ndiye ayenera kulemba K40,000 ngati ndalama yotayika tsiku lomwe waona chuku, osadikira. Akapanda kulemba, buku lidzaonetsa katundu amene kulibe. Ndipo ngati ufa uja anagulitsa kwa wa pikulitsa pa K1,650, phindu la K49,000 latsika kufika K9,000.

Pali malamulo awiri amene amateteza wotsata njira yoyamba. Loyamba, awerengere mtengo wa lero, osati umene akulota kuti udzakhalapo mu Januwale. Mtengo ukadzakweradi, zapamwambazo adzazilembe tsiku logulitsa. Lachiwiri, pakutha pa mwezi uliwonse aone gaga wotsala. Ngati watsika mtengo kapena wawonongeka, atsitse nambala ya m'buku.

Zolakwika zimene zimabisala

Cholakwa chachikulu ndi kulemba kawiri. Munthu wachotsa K84,000 pa zopangira ufa, kenako gaga atagulitsidwa walembanso K84,000 ngati phindu lapadera. Buku lionetsa K308,000 pomwe ndalama yeniyeni ndi K224,000. Chizindikiro chake n'chakuti buku limati geni ikuyenda, koma ndalama yopikulira matumba 20 ena sikukwana.

Chachiwiri ndi gaga wodyetsa ziweto za pakhomo. Mayiyu akapatsa nkhumba zake gaga yense osalemba, ufa umaoneka wosapindulitsa ndipo nkhumba zimaoneka ngati zikukula mwaulere. Pano njira yachiwiri siithandiza, chifukwa palibe tsiku logulitsa. Chofunika ndi kulemba ngati khola lagula gaga kwa geni ya ufa, pa mtengo umene akanatsala nawo m'manja. Akatero adzadziwa ngati nkhumbazo zikubwezadi zimene zikudya.

Chachitatu ndi gaga wosiya kuchigayo. Eni zigayo ena amagula gaga pomwepo, kapena kutsitsa mtengo wokonolera ngati munthu wamusiya. Zikatero njira yoyamba yachitika yokha, chifukwa ndalama yolipira yachepa kale, ndipo palibenso chochotsa. Chongofunika ndi kuyerekeza. Pa chitsanzochi, K84,000 ikagawidwa ku makilogalamu 250 ikupereka K336 pa kilogalamu. Mwini chigayo akapereka K350 pomwepo, wapereka zambiri kuposa wogula wa K400 amene akufuna gaga wouma, wa m'matumba, wokamusiyira pakhomo.

Chachinayi ndi muyezo. Gaga amagulitsidwa kwambiri pa ndowa kapena pa thumba, ndipo ndi wopepuka kuposa chimanga. Thumba limene limalowa chimanga cha makilogalamu 50 silifika pamenepo likadzaza gaga. Wamalonda ayeze ndowa yake pa sikelo kamodzi, gaga ali wouma, n'kulemba kulemera kwake pachikuto cha buku.

Pamene njira zonsezi zimalekezera

Njira ziwirizi zimagwira ntchito pamene katundu wapambali ndi wochepa mtengo poyerekeza ndi wamkuluyo. Pa chitsanzochi gaga wabweretsa pafupifupi K7 pa K100 iliyonse yolowa. Koma wofinya mafuta a soya kapena a mpendadzuwa nkhani yake ndi ina. Soya ali ndi mafuta osapitirira gawo limodzi mwa magawo asanu a kulemera kwake, ndipo keke yotsala imene alimi a nkhuku amaifuna imatha kubweretsa ndalama zofanana ndi za mafuta kapena kuposa. Kuichotsa yonse pa zopangira kungachititse mafuta kuoneka ngati aulere. Kuilemba ngati ndalama yapadera kungachititse mafuta kuoneka oluza. Pamenepo zinthu ziwirizo n'zazikulu zonse, ndipo ndalama zopangira zimagawidwa molingana ndi zimene chilichonse chikubweretsa.

Asankhe iti?

Wokonoletsa mlungu ndi mlungu, amene ali ndi wogula gaga wodziwika ndipo mtengo akuudziwa, njira yoyamba imamukomera. Imamupatsa mtengo weniweni wa ufa, ndipo amadziwa pamene angatsitsire ponenerera. Wokonoletsa mwa apo ndi apo, kapena amene gaga wake amakhalitsa, kapena wogulitsa pa ngongole kwa alimi olipira akagulitsa nkhumba, ali bwino ndi yachiwiri, chifukwa sadya ndalama imene sanaione.

Wamalonda wamng'ono akhozanso kulemba buku lake m'njira yachiwiri, koma pansi pa tsamba la ulendo uliwonse wa kuchigayo n'kuika manambala awiri. Pa chitsanzochi ndi K1,700 ndi K1,580. Akagulitsa pamwamba pa K1,700, wapindula ngakhale gaga yense atawola. Akagulitsa pansi pa K1,580, waluza ngakhale gaga atayenda bwino. Akagulitsa pakati pa manambala awiriwa, phindu lake lonse lili mwa gaga, ndiye asanavomere mtengo wotero akayambe wapisa dzanja m'thumba n'kuimbira wogula wake.

Njira imene yasankhidwa itsatidwe chaka chonse, kuyambira kukolola kufikira kukolola kwina, ndipo ilembedwe pa tsamba loyamba la buku kuti aliyense wa m'gulu kapena wa m'banja aidziwe. Ikamasinthasintha, phindu la Okutobala silingayerekezedwe ndi la Novembala, ndipo mwini geni sangadziwe ngati chasintha ndi msika kapena kalembedwe kake.